Zithunzi zitatu za mafyuluta a Hiace, ndikusiyanitsa bwanji ndisanatumize ndalama?

NaPhiri_Dwangwa
Moni nonse pagulu pano. Ndikuyang'anira minibasi ya bambo a kunyumba omwe ali ku Joni, Toyota Hiace ya dizilo, injini yake 5L. Yakwana nthawi ya sevisi ndipo amakaniko andiuza kuti ndigule mafyuluta atatu: ya oyilo, ya dizilo ndi ya mpweya. Kuno sindinawapeze onse, ndiye ndalankhula ndi wina wogulitsa masipeya ku Lilongwe. Wanditumizira zithunzi zitatu pa WhatsApp, akuti ndikatumiza ndalama akweza katunduyo basi yamawa m'mawa. Chithunzi chimodzi ndi chinthu chachikulu chozungulira cha mapepala opindapinda, chimenecho ndikuganiza kuti ndi cha mpweya. Koma ziwiri zinazo ndi zitini zofanana, china chakuda china choyera, zonse zaimikidwa pa kauntala. Ndidziwa bwanji kuti ichi ndi cha oyilo, ichi ndi cha dizilo? Katundu akafika kuno kubweza n'kovuta.

Kondakita_Wa_Kale
Zosavuta izo mayi. Yakuda ndi ya oyilo, yoyera ndi ya dizilo. Tumizani ndalama.

MadalaSipanala
Ayi mayi, musatumize kaye. Achimwene a Kondakita, mtundu wa penti sunena kanthu. Kampani iliyonse imapaka mtundu womwe yakonda. Pa shelefu yanga pano pali ya oyilo yoyera, ya oyilo yabuluu ndi ya dizilo yakuda.

Vuto la zithunzi zanuzo ndi loti zitini zajambulidwa cham'mbali, ndipo m'mbali ndi momwe zimafanana kwambiri. Kusiyana kuli kumutu ndi kumatako. Muuzeni wogulitsayo agoneke chitini chilichonse, ajambule mbali yomwe imamangidwa ku galimoto, kenako atembenuze ajambule mbali inayo. Zikhala zithunzi zinayi. Munthu amene katundu ali nayedi m'manja sangakanike zimenezi.

Kondakita_Wa_Kale
Komatu ya pa minibasi yomwe ndinkayendera ine inali choncho, yakuda ndi yoyera.

MadalaSipanala
Sindikutsutsa zomwe munaona. Ndikungoti sitolo ina ikupatsani zosemphana ndi zimenezo.

NaPhiri_Dwangwa
Zikomo madala, ndamutumizira uthenga. Nanga zithunzizo zikabwera ndiyang'ane chiyani kwenikweni?

MadalaSipanala
Yambani ndi kumatako, chifukwa pa injini yanuyo ndi komwe nkhani imathera. Fyuluta ya oyilo kumatako ndi yotseka, chitsulo chokhachokha chobulungira, nthawi zambiri chokhala ndi timizere m'mphepete pogwirira sipanala. Ya dizilo ya 5L kumatako kuli chibowo chachikulu cha mazinga. Pamenepo ndi pomwe pamamangidwa sensa ya madzi, kapulasitiki koyera kokhala ndi waya ndi kampopi kotulutsira madzi. Madzi amalemera kuposa dizilo, ndiye amakatsikira pansi pa chitinicho, akachuluka sensa ija imayatsa getsi pa dashibodi. Fyuluta yatsopano imabwera chibowocho chili pululu, sensa mumachotsa pa yakale n'kuika pa yatsopano. Mukaona chitini chobooka mbali zonse ziwiri, oyilo sichimukhudza n'komwe.

Kumutu zonse ziwiri zili ndi bowo la mazinga pakati, timabowo ting'onoting'ono tozungulira, ndi mkombero wa labala. Koma suzumirani m'timabowo timeneto. Pa ya oyilo mumaona labala kuseri kwake, lakuda kapena lofiirira, litatseka timabowoto mkati. Ntchito yake ndi kuletsa oyilo kubwerera pansi injini ikazima, kuti m'mawa polizira isayende youma. Pa ya dizilo kawirikawiri labala limenelo mulibe. Kungoti chithunzi chikakhala chamdima simungalione, ndiye muuzeni ajambulire panja.

Sienta_Girl
Pepani kulowerera. Ine ndili ndi Sienta ya petulo, ndinasakasaka chitini cha mafuta chomwe mukunenachi mu boneti koma sindinachipeze. Kodi galimoto yanga inabwera yopanda?

Injiniya_Zomba
Ilipo asisi, koma ili mkati mwa thanki pamodzi ndi pampu ya petulo. Magalimoto ang'onoang'ono ambiri ochokera ku Japan monga Sienta, Vitz ndi Honda Fit ndi choncho. Pa chithunzi siioneka ngati chitini ayi, imakhala chipulasitiki choyera kapena chakuda chokhala ndi malo olowetsamo pampu. Palinso kasefa kena kopyapyala ngati kathumba komwe kamakhala kumunsi kwa pampuyo. Ambiri amagula kathumbako n'kumati asintha fyuluta ya petulo, pomwe kameneko kamangogwira zinyalala zikuluzikulu.

Pa magalimoto akale a petulo fyuluta imakhala panjira ya payipi: kachitini kokhala ndi timapayipi tiwiri, kena kolowera kena kotulukira, ndi muvi kapena mawu oti IN ndi OUT. Fyuluta ya oyilo simudzaiona ili ndi timapayipi totuluka. Ndipo pamenepo samalani: ija ya pulasitiki yoonekera mkati ndi ya magalimoto a kabuleta. Mukaika pa galimoto ya mainjekita, pomwe pampu imakankha petulo mwamphamvu, ikhoza kuphulika n'kumwaza petulo pa injini yotentha. Ya mainjekita imakhala yachitsulo.

Sienta_Girl
Ndiye amakaniko amene anandilipiritsa kuti asintha fyuluta ya petulo osakhudza thanki anasintha chiyani?

Injiniya_Zomba
Pa magalimoto ambiri oterewa safunika kutsitsa thanki, pamakhala chitseko pamwamba pake mkati mwa galimoto, pansi pa mpando. Mwina anadzera pamenepo. Afunseni akuonetseni yakale yomwe anachotsa.

Sipeya_Limbe
Ine ndimagulitsa zinthu zimenezi, ndilankhuleko mbali yathu. Makasitomala ambiri amangoti "ndikufuna fyuluta ya Hiace". Hiace iti? Pali ya 2L, ya 3L, ya 5L, ya 1KZ, ya petulo, ndi zatsopano zija za 2KD. Tikafunsa nambala amakwiya, amati tikuwavutitsa. Zikalakwika mlandu umakhala wathu.

Mayi, njira yachidule ndi nambala. Ngati katundu ali ndi nambala ya Toyota, manambala asanu oyambirira amakuuzani kale kuti ndi chiyani. Yoyamba ndi 90915 ndi chitini cha oyilo. Yoyamba ndi 17801 ndi ya mpweya. Za mafuta zimayamba ndi 233, monga 23300, 23303 kapena 23390. Pa 5L ya oyilo yomwe timagulitsa kwambiri ndi 90915-30002, ya dizilo 23303-64010 kapena 23390-64480. Ngakhale katundu wa makampani ena, pa katoni amakonda kulemba nambala ya Toyota yomwe akulowa m'malo mwake. Funsani chithunzi cha katoni.

MadalaSipanala
Zoona zimenezo akulu, koma ndiwonjezere kuti katoni ndi katoni. Ndinatsegulapo katoni yolembedwa za dizilo n'kupezamo ya oyilo, osati mwa chinyengo, koma wina anaionetsa kwa kasitomala n'kuibwezera molakwika. Nambala ijambulidwe ya pa chitini penipenipo.

Sipeya_Limbe
Zimachitikadi, anyamata a mu sitolo akatanganidwa. Sindikana.

WakuJoni_Tau
Kuwonjezera pa zomwe anena a Sipeya, makampani ena amaika zilembo. Sakura ndi VIC akalemba C kutsogolo ndi ya oyilo, FC ndi ya mafuta, A ndi ya mpweya. Ukaloweza zimenezi basi wathana nazo.

Injiniya_Zomba
Bola muonenso dzina la kampaniyo achimwene. Kwa MANN chilembo C ndi cha mpweya, ya oyilo amalemba W, ya mafuta WK. Ndiye munthu akaloweza kuti C ndi oyilo osayang'ana kuti katoni ndi ya ndani, agula zina.

WakuJoni_Tau
Ya MANN sindinagulepo, zikomo.

Dalaivala_M5
Inu mukuvutika ndi zithunzi, vuto lenileni ndi katundu wabodza. Fyuluta ya nambala yolondola, katoni yokongola, koma mkati pepala lake lochepa. Ndinaidulapo ina ndi sowo nditaona kuti getsi la oyilo likuchedwa kuzima m'mawa, labala lija anena madalali linali louma gwa ngati chikopa cha ng'oma. Pa chithunzi mungazione zimenezo?

MadalaSipanala
Zimenezo pa chithunzi n'zovuta, ndipo ndisakunamizeni. Nthawi zina mumaona zilembo zosindikizidwa mopindika, mazinga okhala ndi tizitsulo totsalira, kapena dzimbiri kumutu. Koma yabodza yopangidwa bwino imadziwika m'manja, pa kulemera kwake. Funso la mayiwa ndi lina: asagule zitini ziwiri za ntchito imodzi.

Dalaivala_M5
Chabwino, koma mayi musathamangire yotchipa pa dizilo. Nthawi ija mafuta ankasowa tinkagula a m'zigubu m'mbali mwa msewu, madzi ndi fumbi zinali momwemo. Amene anali ndi mafyuluta achabechabe manozo a mainjekita anawathera.

Kondakita_Wa_Kale
Nthawi imeneyo musaikumbutse. Tinkagona pa mzere mpaka kucha.

MlimiWaFodya_KU
A m'zigubu ena ankasakaniza ndi parafini. Hilux yanga inayamba kugogoda ndili pakati pa Kasungu ndi Chatoloma, fodya ali pamwamba.

Pokamba za Hilux, yanga ndi D-4D ya 2010, ndipo zomwe mukunena za chibowo kumatako kwa ine sizikugwira. Fyuluta yanga ya dizilo si chitini, ndi pepala lokhalokha lomwe limalowa mu chikho cha pulasitiki. Ndiye ndikaona pa chithunzi pepala lozungulira, ndidziwa bwanji kuti si la oyilo? Mlamu wanga ali ndi galimoto yomwe ya oyilo ndi pepalanso.

Injiniya_Zomba
Apa ndiye povuta kwenikweni, ndipo kuona kokha sikukwanira. Za mapepala okhaokha, ya oyilo ndi ya dizilo zimatha kufanana zedi. Chomwe chimathandiza ndi zinthu zomwe zabwera nazo m'katoni. Ya oyilo ya Toyota ya mtundu umenewu nambala yake imayamba ndi 04152, ndipo zambiri zimabwera ndi mkombero wa labala waukulu wa pa chivindikiro, wina waung'ono, ndi kapayipi ka pulasitiki kokhetsera oyilo musanamasule. Mukaona kapayipi kameneko pa chithunzi, ndi ya oyilo. Ya dizilo ya Hilux yanuyo imayamba ndi 23390. Ya oyilo pa Hilux yanu ndi chitini, ndiye kwa inu pepala lozungulira laling'ono ndi la dizilo basi, funso n'loti ndi la galimoto yanu kapena ayi.

Chifukwa chake sitisinthanitsa ngakhale zitakwanana: pepala la dizilo ndi lothina kwambiri kuposa la oyilo. La oyilo linapangidwa kuti oyilo wolemera adutse wambiri mofulumira. Mukaika pa dizilo, fumbi losaoneka ndi maso lidutsa, ndipo pa D-4D mainjekita ake sapirira fumbi ngakhale pang'ono. Mukaika la dizilo pa oyilo, oyilo wozizira wam'mawa alephera kudutsa bwino, ndipo chitini cha dizilo sichikhala ndi valavu yolambalalitsa oyilo pepala likatsekeka monga zilili zambiri za oyilo.

MlimiWaFodya_KU
Ndamva. Ineyo ndimangotenga yakale m'jumbo n'kupita nayo ku sitolo.

Sipeya_Limbe
Ndi makasitomala amene timawakonda amenewo.

NaPhiri_Dwangwa
Zithunzi zafika. Kumutu zonse ziwiri zili ndi timabowo tozungulira, ndipo ndikakuza chithunzi ndikuona labala mkati, pa chakuda ndi lakuda, pa choyera ndi lofiirira. Kumatako zonse ziwiri n'zotseka, palibe chibowo. Chakuda chalembedwa 90915-30002. Choyera nambala yake yabisika ndi chala cha wojambula, koma chikuoneka chaching'ono, ndipo bowo lake lapakati ndi laling'ononso.

MadalaSipanala
Mayi, zonse ziwirizo ndi za oyilo. Chakudacho ndi chanu, nambala ikugwirizana ndi yomwe anena a Sipeya. Choyeracho ndi cha oyilo cha galimoto ina. Ya dizilo sanakuonetseni. Mulembereni kuti mukufuna yokhala ndi chibowo cha sensa pansi, mumupatsenso manambala awiri aja.

Kondakita_Wa_Kale
Yakuda ija ndinalondola.

Dalaivala_M5
Amafuna akuberenitu ameneyo. Musiyeni, pezani wina.

Sipeya_Limbe
Musafulumire kuweruza achimwene. Wakuba sakanatumiza zithunzi zomuulula yekha. Mwina anatuma mnyamata kuti atenge "mafyuluta a Hiace" ndipo mnyamatayo anatenga ya dizilo ndi ya petulo, kutanthauza ya oyilo ya Hiace ya dizilo ndi ya oyilo ya Hiace ya petulo. Mawu oti "fyuluta ya dizilo" pa kauntala amasokoneza anthu tsiku ndi tsiku.

Dalaivala_M5
Kaya. Ine ndalama zanga sindingatumize kwa munthu wosadziwa katundu wake.

Injiniya_Zomba
Popeza mayi atchula za kukula kwa bowo, ndinenepo china chomwe chimapha mainjini a magalimoto ang'onoang'ono. Ngakhale mutatsimikiza kuti chitini ndi cha oyilo, mazinga amasiyana. Toyota za petulo zambiri monga Corolla ndi Vitz mazinga ake ndi 3/4-16, pomwe Nissan, Honda ndi Mazda zambiri ndi M20x1.5. Kusiyana kwake sikukwana milimita imodzi, pa chithunzi simungakuone. Choopsa n'choti ya M20 imalowa pa Toyota n'kumaoneka ngati yamanga, koma mazinga agwirana nsonga zokha. Injini ikathamanga imatha kufwamphuka, oyilo yense pansi. Ndiye chithunzi chimakuuzani mtundu wa fyuluta, koma kuti ndi ya injini yanu imanena ndi nambala.

WakuJoni_Tau
Ndipo nambala ya chesisi yokha musaidalire pa minibasi. Zambiri kumudziko zinasinthidwa injini, pa buku pali china pansi pa mpando pali china.

NaPhiri_Dwangwa
Yathuyi ndi choncho ndithu, inabwera ndi 3L, bambo anaikamo 5L chaka chatha. Kodi zimenezi zikusintha kanthu?

MadalaSipanala
Pa oyilo ayi, 3L ndi 5L zimagwiritsa ntchito fyuluta imodzi. Koma mwachita bwino kunena, chifukwa fyuluta ya dizilo ndi ya mpweya sizikhala pa injini penipeni. Posintha injini amakaniko ambiri amasiya mutu wa fyuluta ya dizilo ndi chibokosi cha mpweya zomwe zinalipo kale, ena amaikapo za galimoto ina zomwe apeza. Ndiye zinthu ziwirizi yang'anani zomwe zili pa galimotopo. Tumani amakaniko anu apeze kapampu kopopa dizilo ndi dzanja, fyuluta ili pansi pake. Ajambule, tione ngati pansi pali sensa ya waya.

Mphunzitsi_Ntcheu
Ya mpweya bwanji osangoipopa ndi kompuresa mayi? Ine yanga ndimapopa, ndalama n'kusunga.

MadalaSipanala
Kupopa pang'ono kuchokera mkati kupita kunja, mphepo yosalimba, kumathandiza munthu akakhala patali. Koma anyamata a pa matayala amapopa ndi mphamvu yonse, pepala limang'ambika timabowo tosaoneka, fumbi n'kumalowa mu injini. Pa minibasi yoyenda m'misewu ya fumbi ine ndimati sinthani.

Mphunzitsi_Ntcheu
Yanga ndapopa kangapo ndipo injini ili bwinobwino.

Injiniya_Zomba
Fumbi silipha tsiku limodzi aphunzitsi, limadya maringi pang'onopang'ono. Ikani tochi mkati mwa fyulutayo usiku, mukaona kadontho kowala kwambiri, yabooka.

Tibwerere ku chithunzi chachitatu cha mayi. Kuti ndi ya mpweya sitikukayika: ndi yaikulu, pepala lili poyera, ilibe mazinga. Koma chithunzi sichinena kukula. Fyuluta ya mpweya ya lole ndi ya Hiace zikajambulidwa pazokha zimaoneka chimodzimodzi, ngakhale pepala la dizilo la a Mlimi lija likajambulidwa pafupi limaoneka lalikulu. Muuzeni wogulitsa aike tepi yoyezera pambali pake: kutalika, kukula kwa kunja, ndi kukula kwa bowo lomwe limakhala pa payipi. Inunso yezani yakale. Ikafupika ngakhale pang'ono, labala silikanikizika ndipo mpweya wafumbi umadutsa m'mbali. Onaninso ngati yakale ili ndi zipsepse za pulasitiki kuzungulira, chifukwa zina zimakhala nazo zina ayi.

Sienta_Girl
Yanga ya mpweya si yozungulira, ndi yafulati. Ndipo pogula anandionetsa ziwiri zafulati, ina yopyapyala.

Injiniya_Zomba
Yopyapyalayo ndi ya mpweya wa mkati mwa galimoto, wa eyakoni, imakhala kuseri kwa kabokosi ka kutsogolo kwa pasenjala. Pa chithunzi ilibe mkombero wochindikala wotsekera fumbi m'mbali, ndipo pambali pamalembedwa UP kapena AIR FLOW ndi muvi. Ya Toyota imayamba ndi 87139. Ya injini ndi ija ya 17801.

NaPhiri_Dwangwa
Amakaniko ajambula ya pa galimoto. Pansi pali kapulasitiki koyera ka waya monga munanenera madala. Wogulitsa uja wapepesa, akuti mnyamata wake ndi amene anasokoneza, ndipo watumiza chithunzi china: chitini chokhala ndi chibowo chachikulu kumatako, cholembedwa 23390-64480.

MadalaSipanala
Imeneyo ndiyo. Funsani ngati m'katoni muli kamkombero ka labala ka pa sensa, chifukwa mukabwezera kakale mpweya umalowa ndipo galimoto imavuta kulira m'mawa. Amakaniko akamanga apope kapampu kaja mpaka kalimbe asanalize.

Dalaivala_M5
Ife timathiramo dizilo mu fyuluta tisanamange, imalira msanga.

Injiniya_Zomba
Dizilo wothira choncho mbali ina amapita ku pampu osasefedwa. Kapampu kadzanja kanaikidwira ntchito imeneyo.

Dalaivala_M5
Pa 5L sizinandivutepo. Pa D-4D ndiye sindingayerekeze.

NaPhiri_Dwangwa
Kamkombero akuti kalimo, wandionetsa. Ya mpweya ndiye sitinamalize. Wogulitsa wayeza yake, koma yakale amakaniko akuti bawuti ya chivindikiro yachita dzimbiri, aimasula mawa kukacha. Ndamuuza wa ku Lilongwe kuti asakweze katundu mawa, adikire tiyeze kaye.

Sipeya_Limbe
Poyeza bowo mayi, yezani mkati mwa labala, osati kunja kwake. Ndipo onani mbali inayo ngati ili yotseka kapena ili ndi kabowo ka bawuti, mumuuze wogulitsayo ajambulenso pamenepo.